Ntchito yandithera ku Senga Bay, koma kunyumba sindinanene

Bambo a Tadala: Abale anga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Ndagwira ntchito yoyang'anira sitolo ya katundu pa loji ina ku Senga Bay zaka 6. Pa 10 Juni anandiitanira ku ofesi n'kundipatsa kalata yoti ntchito yatha tsiku lomwelo, ati mafuta ophikira ndi makireti a zakumwa sizinakwane powerengera. Makiyi a sitolo tinali nawo anthu atatu, koma sanandifunse chilichonse, kalata inali yolembedwa kale. Malipiro a masiku amene ndinagwira mu Juni sanandipatse, akuti ndikasaine kaye pepala lina. Kunyumba sindinanene. M'mawa ndimasamba, kuvala, n'kupalasa njinga ngati kale, kenako ndimakakhala cha ku Kamuzu Road mpaka dzuwa litapendeka. Ndimakhala kuchikamwini kwa Maganga, nyumba ya apongozi ili pafupi penipeni. Mayi anga ali ku Benga ndipo amadalira ine, komanso ndimalipirira fizi mwana wa mlongo wanga. Mwezi watha, mayi a Tadala afunsa za malipiro, ndawauza kuti achedwa. Ndiyambire pati? Mawu oti "wakuba" ndi amene akundipha.

Mphatso wa usipa: Pepani achimwene. Ngati mukufuna chochita bwerani ku Chipoka, usipa tikugula kwa asodzi n'kukagulitsa ku Lilongwe. Mpamba wa K150,000 ukhoza kuyamba.

Mayi a Chikondi: A Mphatso, munthuyu sanafunse za geni. Komanso ino ndi nyengo ya mwera, pa nyanja anthu sakulowa kawirikawiri, mukufuna ataye ndalama imene alibe? Bambo a Tadala, ndikuyankheni ngati mkazi amene zinamuchitikira. Amuna anga ntchito itawathera ku Dwangwa anabisa ngati mmene mukuchitiramu. Ine ndinamvera kuchigayo, kwa mkazi wa mnzawo wa kuntchito, amene anandipepesa poganiza kuti ndikudziwa. Kutha kwa ntchito ndinakuiwala msanga, koma zoti anthu onse ankadziwa ine ndikuwatenthetsera madzi m'mawa uliwonse zinandiwawa nthawi yaitali. Pa nthawi imeneyo n'kuti nditatenga ngongole kubanki mkhonde podalira malipiro awo. Akanandiuza sindikanatenga. Senga Bay ndi pang'ono, a kabaza amakuonani. Nenani lero kapena mawa, asanakunenereni ena.

Bambo a Tadala: Ndamva mayi. Koma ndikawauza, funso loyamba likhala loti tidya chiyani. Ndilibe yankho.

Anaphiri: Yankho lina lilipo, kungoti simunaliwerengere. Ine ndinagwirapo mu ofesi yolemba ndi kuchotsa antchito zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndifunse zinthu zitatu. Mumalandira zingati pa mwezi? Mumagwira masiku angati pa sabata, ndipo tchuthi cha chaka chino munapita? Ndipo chachikulu, kodi anakuitanani kuti mukadziteteze, kaya pa kalata kaya pamaso pa komiti, asanakuchotseni?

Bambo a Tadala: K260,000 pa mwezi. Masiku 6 pa sabata. Tchuthi ndinali ndi masiku 12 otsala, manijala ankati ndidikire alendo achepe. Zoitanidwa kukadziteteza panalibe.

Anaphiri: Ndiye mvetserani bwino, chifukwa mwakhala mukudziona ngati munthu wogamulidwa kale pamene mlandu sunazengedwe n'komwe. Lamulo la za ntchito la 2000, pa gawo 57, limafuna zinthu ziwiri bwana asanachotse munthu chifukwa cha khalidwe. Payenera kukhala chifukwa chomveka, komanso munthuyo apatsidwe mpata woyankha pa zimene akumuneneza. Chachiwirichi kwa inu sichinachitike. Ndipo nkhani ikafika kobwalo, amene amafunika kuonetsa umboni wa chifukwa chochotsera ndi bwana, osati inu. Si inu woti mutsimikize kuti simunabe, ndi iwo oti aonetse kuti munaba, makiyi ali ndi anthu atatu.

Tsopano ndalama. Zilipo zimene ndi zanu ngakhale zitapezeka kuti munalakwadi. Malipiro a masiku amene munagwira mu Juni ndi anu. Masiku 12 a tchuthi ndi anu, ndipo pa malipiro anuwo tsiku limodzi ndi pafupifupi K10,000, ndiye ndi K120,000. Zimenezi lamulo limati ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Masikuwo anadutsa kalekale.

Zina zimadalira kuti apeze kuti anakuchotsani mopanda chilungamo. Pamenepo pali notisi ya mwezi umodzi, K260,000. Pali sevaransi, ndalama yolipira zaka zimene munagwira, imene amawerengera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, ndi masabata atatu pa chaka cha 6. Onse pamodzi masabata 13. Sabata yanu ndi K60,000, ndiye K780,000. Pamwamba pake khoti limatha kulamula chipukuta misozi, ndipo kwa munthu amene wagwira zaka zoposa 5 koma zosaposa 10 sichichepera masabata awiri pa chaka. Koma izi zachiwirizi musazilonjeze kunyumba ngati zili m'thumba. Zimatenga nthawi.

Mjomba wa kabaza: Eya! Ndimanena ine. Pitani kukhoti mawa lomwe, mupeze loya, anthu amenewa akupatsani mamiliyoni. Msuweni wanga anawina mlandu ngati womwewu.

Anaphiri: Mjomba, zoti akhoza kuwina mwanena zoona, koma njira si imeneyo. Amayambira ku ofesi ya leba ya boma lino, ndipo dandaulo liyenera kufika kumeneko pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa. Kwa Bambo a Tadala ndiye kuti pasanafike pa 10 Seputembala. Mkulu wa leba amaitana bwana kuti mukambirane. Akalephera kukugwirizanitsani, ndi pamene nkhani imapita kukhoti la milandu ya apantchito, IRC, ndipo lapafupi ndi ife lili ku Lilongwe. Kumeneko munthu amatha kudziyankhulira yekha wopanda loya. Ndaona anthu ambiri akutaya mlandu wabwino chifukwa miyezi itatu ija anaithera m'nyumba ndi manyazi. Msuweni wanuyo anadikira nthawi yaitali bwanji?

Mjomba wa kabaza: Zinatenga kanthawi ndithu, ana anali atasintha makalasi. Koma anawina.

Bambo a Tadala: Nanga pepala akufuna ndikasainelo?

Anaphiri: Musasaine musanaliwerenge modekha. Pemphani kope, kapena lijambuleni pa foni, mupite nalo ku leba. Mapepala otere nthawi zambiri amakhala amitundu iwiri. Lina limanena kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso kulikonse. Lina limakhala kalata yoti mwasiya nokha ntchito, ndipo amakunyengererani kuti mbiri yanu ikhala yoyera. Mukasaina lachiwirili, bwana adzangoti munthuyu anachoka yekha, ndipo kuti mutsimikize kuti anakukakamizani ndi ntchito yaikulu. Malipiro a masiku amene munagwira safunika kugulidwa ndi siginecha yotaya ufulu wanu. Sungani kalata yochotsedwa, mapepala a malipiro, kontirakiti ngati ilipo, ndipo lero lomwe lembani mu kope zonse zimene mukukumbukira, tsiku lowerengera katundu, amene analipo, amene anali ndi makiyi. Pakapita miyezi mutu umasokoneza masiku.

Che Saidi: Anaphiri atithandiza pa za malamulo. Ine ndine nkhoswe wa mabanja angapo kuno ku Lifuwu, ndiyankhulepo za kunyumba. Mwana wanga, woyamba kumva akhale mkazi wako, yekha, ana atagona. Osati pamaso pa apongozi, osati pa foni. Uyambe ndi chimene chachitika, osazungulira: ntchito inatha pa 10 Juni, kalata ndi iyi. Umupatse awerenge yekha, chifukwa mawu oti "kuba" akawamva kwa iwe ndi kalata m'manja ndi osiyana ndi kuwamva kumjigo. Kenako unene za kubisako, upepese, usadziikire kumbuyo kuti ndimakutetezani. Akakwiya, musiye akwiye. Usathamangire kuwerenga ndalama za Anaphiri zija usiku womwewo kuti utseke pakamwa pake. Zimenezo ndi za m'mawa mwake.

Za apongozi, popeza uli pachikamwini, usapite wekha kukagogoda. Mugwirizane ndi mkazi wako, kenako uuze nkhoswe wa kwanu, iye akauze nkhoswe wa kuchikazi. Ena amati ankhoswe ndi a ndewu zokha, ayi. Ntchito yawo ndi yoti nkhani yolemera ifike mwaulemu, kuti apongozi asamve ngati mphekesera. Mkamwini amene wanena yekha kudzera m'njira yake amakhalabe ndi ulemu wake ngakhale alibe kanthu.

Mayi a Chikondi: Che Saidi, zambiri ndagwirizana nazo, koma za ankhoswe ndikukayika. Nkhani ikadutsa anthu awiri atatu imakula. Mkaziyo akhoza kungowauza mayi ake yekha pakhonde, basi. Ndipo sindikuona chifukwa choti apongozi adziwe kuti anamuneneza kuba. Angoti ntchito yatha.

Che Saidi: Mayi, akangoti ntchito yatha, ndiye mawa mdzukulu wa apongozi amene amatchetcha pa loji ina yoyandikana abwere ndi mawu oti anaba mafuta, mkamwini aoneka bwanji? Aoneka wobisa kawiri.

Mayi a Chikondi: Zimatengera apongozi ake. Alipo ena oti ukawapatsa mawu amenewo adzakukumbutsa pa maliro aliwonse. Mkazi wake ndi amene akuwadziwa makolo ake, asankhe iyeyo.

Dalitso K.: Ine ndinene zosakondweretsa. Zaka 6 wopanda vuto, kenako mwadzidzidzi katundu asowe? Pali munthu anakuyendani pansi, mwina ngakhale kwanu komweko. Musanapite ku leba pitani mukaombeze.

Mayi a Chikondi: A Dalitso, munthu akuopa kale kuyang'ana apongozi ake, inu mukufuna ayambe kuwakayikira ufiti? Ndalama imene angapereke kwa sing'anga ndi ya ufa wa ana.

Bambo a Tadala: Zoombeza ayi achimwene. Amene anali ndi makiyi ndikuwadziwa, ndipo buku lotulutsira katundu likhoza kunena zambiri ngati angalitulutse.

Anaphiri: Bukulo mulitchule ku leba. Nenani kuti mukupempha libwere pa zokambirana, pamodzi ndi mapepala owerengera katundu a miyezi ya m'mbuyo amene munasaina.

Wa ku Nkhotakota: Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko chifukwa si onse pano amene anachotsedwa osalakwa. Ine ndinali dalaivala, anandichotsa chifukwa cha mowa. Anandichenjeza pa kalata, anandiitana pa komiti, zonse anatsata. Ku leba kunalibe choti ndikatenge kupatula malipiro anga ndi masiku a tchuthi. Kunyumba ndinanena kuti akuchepetsa anthu, ndipo bodza limenelo linandimanga, chifukwa aliyense ankafunsa kuti nanga ndalama zochepetsera anthu zili kuti. Amene anandimasula ndi malume anga. Anandikhazika pansi n'kunena kuti tikudziwa, ndipo chimene tikufuna kumva si chifukwa, koma chimene usinthe. Ndikuuza amene akuwerenga mwakachetechete ali ngati ine: abale amakhululuka kulakwa msanga kuposa mmene timaganizira, koma amafuna kuona chinthu ndi maso. Kwa ine chinali kupereka foni ya ndalama kwa akazi anga ndi kusiya kukhala pamalo paja madzulo. Inu Bambo a Tadala muli pabwino kuposa ine, musadzinyamulitse katundu amene si wanu.

Bambo a Tadala: Zikomo achimwene, mawu anu andifika. Chimene sindinanene n'choti ngakhale ndikudziwa kuti sindinabe, ndikaona munthu wa ku loji kuja ndimakhota njira. Kutchalitchi ndasiya kupita, ndine msungichuma wa kwaya, ndikuganiza kuti akamva adzayamba kuwerenga ndalama zawo. Usiku ndimangobwereza zimene ndikanamuyankha manijala.

Aphunzitsi opuma: Za kwayazo, musadikire kuti akayikire. Pitani ndi buku ndi ndalama zonse kwa wapampando, muwerengere limodzi pamaso pa mlembi, muwauze zimene zachitika, ndipo munene kuti ngati akufuna wina asunge pakadali pano simudandaula. Mukatero mwatseka pakamwa pa aliyense, ndipo inunso mudzaona ndi maso anu kuti buku lanu ndi loyera. Kudzidalira sikubwerera chifukwa choti anthu akuuzani kuti limbani mtima. Kumabwerera mukachita chinthu chimene mumachidziwa n'kuona kuti chatheka. Inu mumadziwa kusunga buku la katundu. Eni magolosale ambiri pa Kamuzu Road sadziwa kuti m'shopu mwawo muli katundu wa ndalama zingati. Pemphani mmodzi kuti mumuwerengere ndi kumukonzera buku, ngakhale akupatseni zochepa. Nthawi imene mukukhala pamsika mukubisala, ikhale nthawi imeneyo.

Koma za tulozo ndisazidumphe. Kusowa tulo masabata oyamba n'kwachibadwa. Chimene muyenera kuyang'anira ndi ichi: ngati papita masabata angapo osadya bwino, osafuna kuonana ndi munthu, kapena mwayamba kumwa kuti mugone, makamaka ngati maganizo oti bola kufa akubwera, musakhale nawo nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu wapafupi ndipo pitani kuchipatala cha boma, kuli anamwino oona za maganizo. Tataya amuna m'midzi muno chifukwa cha ngongole ndi ntchito, anthu oti dzulo lake ankaseka nafe. Ndikufunsani mosabisa, maganizo amenewo akubwera?

Bambo a Tadala: Ayi aphunzitsi, sanafike pamenepo. Koma ndikuthokoza kuti mwafunsa. Mowa sindimwa. Kudya ndiye kwachepa.

Mjomba wa kabaza: Iwalani zonsezi, katengeni penshoni yanu. Mukakhala miyezi 6 osagwira ntchito amakupatsani yonse, mugule njinga yamoto. Ine ndikuphunzitsani misewu.

Anaphiri: Miyezi 6 inali ya lamulo lakale, Mjomba. Lamulo la penshoni la 2023 linatsitsa kufika miyezi itatu. Komanso sapereka yonse, amapereka mbali imene munthu ankadulidwa pa malipiro ake, ya abwana imatsala kudikira ukalamba. Wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana amaikapo 10 peresenti, ndiye mukuona nokha kuti yotengekayo ndi yochepa. Chimene ndingalangize panopa si kutenga, koma kufunsa sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo. Alipo mabwana amene amadula pa malipiro koma osatumiza. Ngati zili choncho, ndi nkhani inanso yokanena.

Aphunzitsi opuma: Ine penshoni ndingati asaikhudze. Ndikudya yanga panopa, ndikudziwa kufunika kwake.

Mayi a Chikondi: Aphunzitsi, kunena n'kosavuta. Ikafika Seputembala fizi ikufunika, katapila akupereka ndalama yobweza ndi theka pamwamba pa mwezi umodzi, bola penshoni yakeyo kusiyana ndi katapila.

Aphunzitsi opuma: Pa katapila ndiye tagwirizana. Koma fizi ya mwana wa mlongo si ya munthu mmodzi. Auze mlongo wakeyo panopa, kudakali miyezi iwiri, kuti abale ena asonkhe. Akadzanena sabata yotsegulira sukulu ndi pamene pamabuka mawu.

Che Saidi: Zoona. Ndipo kwa mayi ako ku Benga upite wekha, usatume foni. Kholo likamva pa foni limaganiza kuti wamangidwa. Akakuona uli bwinobwino, mtima umakhala pansi. Uwauze kuti ndalama ya mwezi ndi mwezi iima kaye, ndipo utchule mwezi umene mudzakambiranenso, kuti asamangodikira pa foni mwezi ukatha.

Tiyamike: Funso langa ndi lina pang'ono. Ine anandichotsa pa shopu ina chaka chatha, ndipo pofunsira ntchito akandifunsa kuti unachokeranji ndimasowa chonena, mpaka thukuta. Kodi bwana wakale angakane kundipatsa kalata?

Anaphiri: Kalata yokuyamikira sungamukakamize. Koma pali satifiketi yosonyeza kuti unagwirapo ntchito, imene gawo 31 limati bwana apereke wantchito akapempha. Imalemba dzina la bwana, nthawi imene unagwira, udindo wako ndi malipiro ako pochoka. Chifukwa chochokera amalembapo pokhapokha iwe mwini utapempha. Ndiye usapemphe. Bambo a Tadala nanunso mukaipemphe, zaka 6 pamalo amodzi ndi umboni waukulu. Pa intavyu usaname kuti kontirakiti inatha, mabwana a m'boma limodzi amaimbirana mafoni. Konzeratu ziganizo ziwiri zoona, uzinene mokweza kunyumba mpaka zizolowereke pakamwa. Kwa Bambo a Tadala zikhoza kukhala zoti panasowa katundu m'sitolo imene makiyi tinali nawo atatu, anandichotsa osandimva, nkhani ili ku leba, ndipo amene anali kundiyang'anira zaka zoyamba mukhoza kuwafunsa za ine. Ukatero n'kukhala chete. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuyamba kunyoza bwana wakale kwa mphindi khumi.

Tiyamike: Nanga ngati atangomva mawu oti leba n'kuopa kuti ndine wovuta?

Anaphiri: Ena amaopadi, sindingakunamize. Pamenepo uyese wekha, ukhoza kusiya mbali ya lebayo pokhapokha atafunsa. Koma chifukwa chochokera usachisinthe.

Bambo a Tadala: Abale, ndabweranso. Ndinawauza mayi a Tadala Lachiwiri usiku monga ananenera Che Saidi. Anawerenga kalata, n'kunena kuti ankadziwa kuti chilipo, chifukwa yunifolomu sinkabweranso ndi fungo la m'sitolo ndipo wa kabaza wina anawauza kuti amandiona kutauni. Iwo ankaganiza kuti ndili ndi mkazi wina. Analira, ndipo tsiku lotsatira sanandiyankhule. Lachinayi ndi iwo amene anati tiyeni tiwerenge zimene zili m'nyumba. Tili ndi matumba anayi a chimanga ndi mpunga pang'ono, ndiye chakudya si vuto la msanga. Vuto ndi ngongole yawo ya kubanki mkhonde ndi fizi. Za makolo awo anasankha kukanena okha, ndipo ananena zonse, ndi za kunenezedwa zomwe. Apongozi aamuna sananene kanthu mpaka pano, akungondiyankha moni. Apongozi aakazi anatumiza nkhuku. Ku leba ndinapita Lachisanu, analemba dandaulo ndipo anandipatsa kalata yoitana abwana. Buku la kwaya ndinapereka, linakwana, ndipo anakana kuti ndisiye.

Tsopano pabuka china. Atalandira kalata ya ku leba, manijala wandiimbira kuti ndikatenge K450,000 nkhani ithe, ndisaine kuti sindidzadandaulanso. Mayi a Tadala akuti tilandire. Ine mtima ukukana chifukwa kalata yonditcha wakuba ikhalabe.

Mjomba wa kabaza: Musalandire! Aopa amenewo. Mpaka ku Lilongwe!

Mayi a Chikondi: Mjomba, ku Lilongwe thiransipoti muzilipira ndinu? Mkaziyo akuona ngongole imene ili pakhomo. Ndipo Bambo a Tadala, mwangoyamba kumene kukonza zinthu ndi akazi anu, musagamule nokha nkhani imeneyi.

Anaphiri: Tiyeni tiione bwino K450,000 imeneyi. M'kati mwake muli ndalama zimene ndi zanu kale popanda mkangano, masiku a Juni ndi K120,000 ya tchuthi, zimene pamodzi zikuyandikira K200,000. Ndiye chimene akukugulirani nacho mlandu ndi pafupifupi notisi ya mwezi umodzi basi, pamene sevaransi yokha ndi K780,000. Kumbali ina, Mayi a Chikondi akunena zoona, kukhoti nkhani imachedwa, ndalama ikutha mphamvu, ndipo palibe angakulonjezeni kuti mudzawina zonse. Kugwirizana si kugonja. Koma musagwirizane pa foni kapena mu ofesi ya manijala. Muuzeni kuti zonse mukakambirane pamaso pa mkulu wa leba pa tsiku limene laikidwa, ndipo zimene ndi zanu kale apereke padera. Pamenepo mukhoza kutchula ndalama yanu, komanso kupempha chimene mtima wanu ukufunacho, kuti kalata ija aichotse alembe ina yopanda mawu a kuba, ndi satifiketi ya zaka 6. Mabwana ambiri kusintha kalata sikuwavuta ngati kuwonjezera ndalama. Zonse zilembedwe, ndi tsiku lolipira.

Wa ku Nkhotakota: Ine ndikanakhala inu ndikanaika kalatayo patsogolo. Ndalama idzatha pofika Khirisimasi, koma ntchito ya sitolo amalemba munthu chifukwa cha dzina.

Mayi a Chikondi: Dzina silibweza ngongole ya banki mkhonde Loweruka likubwerali. Koma mayi a Tadala akhoza kukapempha gulu kuti mwezi uno apereke chiwongoladzanja chokha, magulu ambiri amalola munthu akanena msanga. Zikatero mpata wodikira tsiku la ku leba upezeka.

Che Saidi: Za apongozi aamuna usade nazo nkhawa, mwana wanga, ndipo usawakakamize kuyankhula. Ino ndi nthawi yomweta udzu ndi kukonza nkhokwe. Ukaona akugwira ntchito pakhomo, pita ukagwire nawo. Tsiku la ku leba ukawauze kuti mukupita, ndipo pobwera ukawafotokozere wekha mmene zayendera.

Bambo a Tadala: Ndamva nonse. Tsiku atipatsa ndi Lachitatu sabata yamawa, ndipo mayi a Tadala akuti apita nawo. Usiku uno tikhala pansi tigwirizane ndalama yochepetsetsa imene tingalandire ngati kalata asintha, ndi ina ngati akana. Anaphiri, kodi mlonda amene ankaona anthu akulowa m'sitolo usiku ndingapite naye ngati mboni? Akugwirabe ntchito pomwepo ndipo akuopa.

Anaphiri: Musamukakamize, naye ali ndi ana. Ku leba ndi zokambirana, mboni zimafunika kwambiri nkhani ikapita kukhoti. Panopa lembani dzina lake ndi masiku amene anaona m'kope lanu lija, ndipo Lachitatu limbikirani kuti buku lotulutsira katundu libwere patebulo. Mutenge makope awiri a pepala lililonse, enieniwo musawasiye m'manja mwa munthu.